Za chiliza cha amayi: pomwe tafika ndi zomwe zatsala

Achimwene, achemwali ndi alamu nonse, dzulo usiku ndawerenganso zonse zomwe takhala tikulemberana pa WhatsApp kuyambira pa 3 Ogasiti, ndipo mavoisi a amalume ndawamvera kawirikawiri. Tinagwirizana kuti tipume kaye mpaka Kulamba kudutse, poti amalume ndi anthu ambiri akumudzi ali kalikiliki ndi za ku Mkaika. Ndalemba izi kuti tikamadzayambiranso Lamlungu pa 7 Seputembala tisadzabwerere pa zimene tinamaliza kale.

Tsiku tinatseka. Ndi Loweruka pa 25 Okutobala 2025. Lachisanu pa 24 ndi holide ya ufulu, ndiye ogwira ntchito sadzavutika kupempha tchuthi, komanso mvula idzakhala isanayambe. Achimwene a ku Matero ankafuna Disembala, koma anavomera okha atakumbutsidwa mmene kamsewu kochokera pa Katete kupita kumudzi kamatererera nthawi ya dzinja. Chonde tisaitsegulenso imeneyi.

Mwala tinasankha wakuda uja wachiwiri pa zithunzi zomwe anatumiza alamu, wa K7,500. Tapereka kale K3,000, yatsala K4,500 yolipira potenga. Malonjezo onse pamodzi ndi K14,000, zomwe zalowa ndi K8,200, choncho pa foni ya achemwali aakulu pali K5,200. Ndalama zizipita kwa iwo okha, ndipo wotumiza aziika chithunzi cha uthenga wotsimikizira pagulu. Simenti ndi mabuloko zidzagulidwa ku Katete komweko, sitinyamula kuchokera kuno. Kuchokera ku Lusaka tidzangotenga mwala, mpunga, mafuta ophikira ndi kapenta za ku Soweto. Mbuzi ziwiri ndi nkhuni amalume anati ndi zawo.

Tsopano zomwe sizinathe. Yoyamba, imene ikundisowetsa tulo, ndi chaka chobadwa choti chilembedwe pamwala. Reji ya amayi ikuti 1952. Kakhadi ka ubatizo komwe ndinapeza m'Baibulo lawo, kopindika pakati ndipo inki yake yafufuma, kakuti 1950. Amalume mu voisi ya pa 14 Ogasiti anati pa ufulu mu 1964 amayi anali atatha kale msinkhu, ndipo iwo akutsamira ku 1950. Achimwene akuti titsate reji poti ndi imene boma likudziwa. Ine mtima wanga uli pa kakhadi, chifukwa kanalembedwa agogo ali moyo, pamene reji amayi anakatenga atakula, zaka n'kungoyerekeza. Koma si ine wogamula. Wosema anatiuza kuti akangogoba ndiye kuti wagoba, kukonza kwake n'kugula mwala wina, ndipo akufuna mawu onse pofika pa 20 Seputembala. Azakhali a ku Sinda sanafunsidwebe, pamene ndi iwo anakulira limodzi ndi amayi. Amene ali ndi nambala yawo awaimbire.

Dzina nalo tinangolisiya m'malere. Tilembe la kwa atate lokha, kapena tionjezere Naphiri? Kumudzi konse ankawaitana choncho, ndipo ine ndingakonde kuti mwana wodutsa pamenepo aziwerenga dzina lomwe anthu ankawadziwa nalo. Vesi ndi Salimo 23:1, palibe anatsutsa.

Yachiwiri ndi ya amfumu. Tonse tikudziwa kuti kumanda sitingolowa ndi makasu amfumu ndi adzukulu asanauzidwe, ndipo wokauza ndi amalume monga mwini mbumba, osati ife. Anati apita Kulamba kukatha. Sanatiuze kuti tikonze chiyani chopita nacho, nkhuku kapena ndalama, ndiye tidzawafunse mwaulemu pa 7.

Nkhani ya mowa ndi imene inatikwezetsa mawu, mpaka ena kutuluka pagulu n'kubweranso. Sitinagamule. Achemwali akuti amayi anali a chigwirizano, abusa adzakhalapo, thobwa ndi lokwanira. Amalume akuti adzukulu sangagwire ntchito tsiku lonse n'kubwerera kukhosi kouma. Alamu anapereka ganizo loti adzukulu alandire zawo Lachisanu pomanga, Loweruka likhale la mapemphero ndi thobwa basi. Palibe anayankha, uthengawo unakwiririka ndi zithunzi za miyala. Ndaufukula dala chifukwa ndikuona kuti ungatiyanjanitse.

Mayendedwe: mwala sungakwere basi ya pa Intercity, ungasweke tisanawoloke n'komwe mlatho wa Luangwa. Achimwene analonjeza kufunsa mnzawo wa kalole yemwe amapita ku Chipata, mtengo sanabwere nawo. Tikufunanso kudziwa amene akupita ndi ana, kuti azakhali adziwe mphasa zingati.

Ngati ndaphonya kapena ndalemba zomwe simunanene, ndikonzeni pansi pa uthenga uno lisanafike Lachitatu. Pa 7 tikumana kwa achemwali ku Mtendere tikaweruka kutchalitchi, akutali tidzakuimbirani. Tidzayamba ndi chaka chobadwa.

Ndine wanu, Tisa