Uthenga kwa eni chipinda cha lendi ku Kawale

Mwaswera bwanji bambo? Ndine Mayi Banda, namwino. Nambala yanu ndaipeza pa chikalata chomwe mwamata pa golosale ku Kawale 2, chonena za chipinda cha K70,000 pa mwezi. Panopa ndili ku Mchinji, ntchito ndiyamba ku Lilongwe pa 1 mwezi wamawa. Thiransipoti yakwera, ndiye ndati ndifunsiretu ndisanakwere minibasi.

Kodi chipindacho chikadalipo? Nanga inu ndinu eni ake kapena ejenti? Ngati ndinu ejenti, mundiuziretu ndalama yoonetsera ndi yanu yapamwamba, zisadzatulukire pakhomo.

K70,000 ija ndi lendi yokha, kapena madzi ndi magetsi zili momwemo? Polowa mumafuna ya miyezi ingati, ndipo pali dipoziti yobwezedwa potuluka?

Za magetsi ndifunsitsa ndithu. Chipindacho chili ndi mita yakeyake ya ESCOM, kapena ndi imodzi pulote yonse? Ngati ndi yogawana, ndi mabanja angati, ndipo mayunitsi amasonkherana bwanji? Komwe ndimakhala kale tinkasonkha mofanana, koma wina ali ndi mbaula yamagetsi ndi filiji, ine babu limodzi ndi ayironi. Mayunitsi akatha pakati pa mwezi, anthu timasiya kupatsana moni. Zimenezo sindikufunanso. Ineyo ndili ndi ketulo ndi ayironi, kuphika ndimaphikira makala pakhonde. Mumalola?

Mpopi uli pakhomo pomwepo kapena timakatunga ku kiyosiki? Madzi amatuluka masana, kapena mpaka usiku? Chimbudzi ndi bafa tikhala tikugwiritsa ntchito anthu angati, ndipo ndi chamadzi kapena chokumba?

Chachikulu kwa ine ndi geti. Masabata ena ndimagwira usiku, ena ndimaweruka mdima utagwa, ndipo nthawi zina amandiitana mwadzidzidzi. Ngati geti mumakhoma nthawi yoikika, ndingakhale ndi kiyi wanga? Kugogoda pakati pa usiku n'kumadzutsa anthu sikungatiyendere tonse. Mundiuzenso ngati mawindo ali ndi zitsulo, komanso ngati njinga ya kabaza imafika pageti mvula ikagwa.

Ndidzakhala ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 6. Ngati simulola ana, nenani pano, sindidandaula.

Mukapeza mpata munditumizireko zithunzi: mkati, kudenga kuti ndione malata, m'munsi mwa khoma momwe chinyontho chimaonekera, ndi kuchimbudzi. Ngati pali podontha kapena loko wofunika kusintha, amakonza ndani?

Ndalama ndidzapereka ndikaona chipindacho ndi maso, ndipo ndidzapempha lisiti ndi kapepala ka mgwirizano koti tonse tisayine. Zikagwirizana, nditha kubwera Loweruka m'mawa cha m'ma 10 koloko. Ngati tsikulo muli otanganidwa, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndingathenso.

Zikomo kwambiri bambo, ndidikira yankho lanu.