Kalata yodziwitsa za ngozi ya moto ndi kupempha chipukutamisozi

Kawale 2, Lilongwe
14 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Chipukutamisozi
Kampani ya Inshuwalansi, Lilongwe

Wokondedwa Bwana,

MOTO PA GOLOSALE YANGA: POLISE NAMBALA 40718

Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti golosale yanga ya ku Kawale 2, yomwe ili pa inshuwalansi yanu ya moto, inapsa usiku wa Lachiwiri pa 12 Ogasiti 2025. Ndinatseka nthawi ya 7 koloko madzulo, ndipo cha m'ma 11 koloko mlonda anandiimbira lamya kuti utsi ukutuluka kudenga. Anthu oyandikana nafe anayesetsa kuthira madzi ndi mchenga mpaka pamene ozimitsa moto a Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe anafika, koma katundu wambiri anali atapsa kale. Palibe amene anavulala. Nkhaniyi ndinakaitula kupolisi ya Kawale m'mawa mwake, ndipo apolisi akufufuzabe chomwe chinayambitsa motowo.

Katundu amene anawonongeka, pa mtengo wopikulira osati wogulitsira, ndi uyu:

1. Shuga, mabelo 8, pa K62,000 belo limodzi: K496,000
2. Mafuta ophikira, mabotolo 24 a malita 2, pa K13,500: K324,000
3. Mpunga wa Kilombero, matumba 3 a makilogalamu 50, pa K180,000: K540,000
4. Sopo wochapira, makatoni 6, pa K45,000: K270,000
5. Mchere, mabelo 4, pa K18,000: K72,000
6. Fulawa, matumba 2, pa K110,000: K220,000
7. Filiji ya zakumwa: K650,000
8. Sikelo, mashelefu ndi kauntala: K310,000

Zonse pamodzi zikukwana K2,882,000. Nyumbayo ndi ya lendi, choncho sindinaiwerengere pamenepa.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti buku la malonda ndi malisiti ambiri zinali m'kauntala ndipo zinapsera momwemo. Chiwerengerochi sindinachilembe mongoganizira: ndachitenga pa makope a malisiti amene ndapatsidwa ku holoselo komwe ndimapikula, komanso pa mauthenga a pa foni osonyeza ndalama zomwe ndinalipira pa 9 Ogasiti, tsiku lomwe ndinapikula komaliza, nditachotsapo zomwe zinali zitagulitsidwa kale. Makopewo, lisiti la filiji lomwe linali kunyumba, ndi zithunzi za malowo ndaziphatikiza ku kalatayi, ndipo lipoti la apolisi ndidzabweretsa likangotuluka.

Zotsalira zonse ndazisiya monga momwe motowo unazisiyira. Ndikupempha kuti mutumize msanga wodzaona kukula kwa chiwonongekochi, chifukwa eni nyumba akufuna kuyamba kukonza denga, ndipo sangatero inu musanafike. Munditumizirenso fomu yoti ndilembe ngati ikufunika.

Ine kasitomala wanu,
Mwini golosale komanso mwini polise nambala 40718