Memo: Pempho la ndalama zophunzitsira ogwira ntchito m'chaka cha 2026

Kwa: Mkulu wa Kampani ndi Komiti Yoyendetsa Kampani
Kuchokera kwa: Mkulu wa Nthambi Yoona za Ogwira Ntchito
Tsiku: 14 Okutobala 2025

Ndikupempha komiti kuti mu bajeti ya 2026 ipatule ndalama zofanana ndi magawo 2 pa 100 alionse a malipiro a chaka chonse, kuti tiphunzitse anthu 30 mwa ogwira ntchito 46 amene tili nawo. Pempholi lachokera pa kauniuni amene nthambi yathu idachita kuyambira Julaye mpaka Seputembala.

Tidadzifunsa mafunso atatu: kampani ikufuna kufika pati chaka chamawa, ntchito iliyonse imafuna luso lotani, ndipo amene akuigwira panopa lusolo ali nalo mpaka pati. Mayankho tidawapeza m'malipoti a sitoko, m'mainvoisi 600 amene tidawasanthula, pocheza ndi akapitawo, komanso poima pambali n'kumaonerera ntchito ikugwiridwa.

Vuto lalikulu lili kosungira katundu. Miyezi itatu yonseyi, katundu wowerengedwa pamashelufu sadafanane ndi amene kompyuta ikuonetsa, ndipo ambiri a ife tinkaganiza kuti pali akuba. Zimene tidaona ndi zina. Pulogalamu yatsopano yowerengera sitoko itabwera, anthu anayi okha mwa 18 ndiwo adaphunzitsidwa, ndipo enawo adangoonera anzawo. Makalaliki ena amalemba katundu wolowa m'kope, n'kudzamulowetsa mu kompyuta Lachisanu, moti sabata yonse ogulitsa amalonjeza makasitomala katundu potengera chiwerengero chakale. Katundu wobwezedwa ndi kasitomala amalowetsedwa ngati wongofika kumene, invoisi yake osafafanizidwa, choncho sitoko ndi ndalama sizigwirizana. Anthuwa si aulesi. Akugwira ntchito kawiri chifukwa palibe adawaonetsa njira yake. Anthu 14 akufunika maphunziro a masiku atatu, ochitikira pomwepo pa makompyuta awo.

Chachiwiri ndi mainvoisi. Mwa 600 aja, 54 adabwezedwa chifukwa cha kulakwika kwa msonkho, mtengo kapena kuchotsera, ndipo invoisi ikabwezedwa kasitomala amayamba kuwerenga masiku olipirira pamene walandira yokonzedwayo. Ogulitsa ndi a zachuma 11 akufunika masiku awiri ophunzira kulemba invoisi ndi kugwiritsa ntchito Excel.

Chachitatu ndi akapitawo athu asanu, amene onse adakwezedwa chifukwa chodziwa ntchito ya manja awo, koma palibe adaphunzirapo kugawa ntchito, kudzudzula mwachilungamo kapena kulemba lipoti la kagwiridwe ka ntchito. Izi ndimazitenga kuti ndi zofunika kwambiri, chifukwa kapitawo ndiye adzaonetsetse kuti zophunziridwazo zikutsatidwa aphunzitsi atapita.

Si vuto lililonse limene maphunziro angalithetse, ndipo zoterezi sindidaziike m'pempholi. Makina awiri owerengera nambala za pa katundu adawonongeka, ndipo netiweki ya kosungira katundu imaduka masana. Zimenezi zikufuna kukonza, ndipo ndazipereka ku nthambi ya zipangizo. Zikapanda kukonzedwa, ngakhale wophunzira bwino adzabwerera ku kope.

Ndikudziwa nkhawa ziwiri zimene komiti ingakhale nazo. Kuti ntchito isaime, ophunzira adzagawidwa m'magulu a anthu osapitirira asanu, m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. Pa nkhawa yoti munthu akaphunzira achoka, maphunzirowa ndi aafupi ndipo akukhudza kagwiridwe ka ntchito kathu komweka. Kuwonjezera apo, anthu anayi odziwa kale pulogalamu aja adzaphunzitsidwa kuphunzitsa ena, kuti luso lisakhale m'mutu mwa munthu mmodzi ndiponso tisamalipire mphunzitsi wakunja nthawi iliyonse tikalemba munthu watsopano.

Ndikupempha kuti ndalamazo zituluke m'magawo awiri. Gawo loyamba likhale la kosungira katundu ndi akapitawo. Lachiwiri, la mainvoisi, lidzatuluke komiti ikadzalandira lipoti la kumapeto kwa Febuluwale losonyeza kuti katundu akulowetsedwa mu kompyuta tsiku lomwe wafika. Sitidzayesa zotsatira pongofunsa ophunzira ngati asangalala, koma pa ntchito yeniyeni: pofika Juni 2026, chiwerengero cha pamashelufu chizifanana ndi cha mu kompyuta, ndipo mainvoisi obwezedwa atsike kuchoka pa 9 kufika pa 3 mwa 100 alionse.

Ndikupempha kuti nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa pa 28 Okutobala, kuti ikavomerezedwa tiitanitse mitengo kwa aphunzitsi atatu bajeti isanatsekedwe. Ndidzabwera ndi malipoti a sitoko komanso mainvoisi 54 aja kuti mudzawaone nokha.