Pemphero la Usiku Pochezera Maliro a Bambo Phiri, kwa Chamama ku Kasungu

Abale ndi alongo, amene muli pamoto panjapo ndi amayi amene muli m'nyumba ya siwa, tiyambe taleka nyimbo pang'ono. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.

Mulungu wathu, Chauta, Namalenga, mwini moyo ndi mwini imfa yomwe, tabwera pamaso panu usiku uno mitima ili yolemera. Masamba tayala pamsewu, ndipo aliyense wodutsa akutsika panjinga podziwa kuti pamudzi pano pagwa zovuta. Mtumiki wanu, bambo Phiri, mwamuitana. Tikukuthokozani chifukwa cha moyo wake, chifukwa cha manja ake amene analera ana anayi ndi khasu, ndi mawu ake a besi amene sitidzawamvanso m'kwaya ya abambo Lamulungu. Iye wapuma ku zowawa zimene zinamugoneka m'chipatala masabata apitawa, ndipo tamusiya m'manja mwanu.

Koma Atate, amene tamunyamula pamaso panu makamaka ndi mdzakazi wanu, mayi NaBanda, amene wakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, mawu atasasa ndi kulira. Muoneni, Ambuye. Ndi iye amene anagona pansi pa simenti m'wodi, kutembenuza mwamuna wake, kumumwetsa phala ndi sipuni, kumuchapira. Anapemphera kuti abwerere naye kunyumba akuyenda ndi miyendo yake, koma wabwera naye pagalimoto atagona. Ngati mumtima mwake muli funso lakuti "chifukwa chiyani", musamuwerengere tchimo. Naomi naye, atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana, anauza amayi anzake kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, poti moyo unamuwawira, ndipo Inu simunamutaye. Mwana wanu Yesu analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa. Choncho ife sitikumuletsa mayiyu kulira. Tikungopempha kuti alirire pachifuwa chanu.

Ambuye Yesu, pachipata cha mudzi wa Naini munakumana ndi anthu atanyamula maliro a mwana mmodzi yekhayo wa mkazi wamasiye. Mayi uja sanakupempheni kanthu. Inu munangomuona, chifundo n'kukugwirani, n'kuyandikira. Yandikiraninso pano, pakuti mlongo wathuyu alibe mphamvu zopempherera yekha usiku uno. Ife tikumupempherera.

Lero anthu tadzaza bwalo. Amayi a Chigwirizano akutunga madzi ndi kusonkha moto pamafuwa, adzukulu alawirira kumanda mbandakucha, chipepeso chikulembedwa m'kope. Koma tikudziwa mmene zimakhalira, Mulungu wathu. Mawa tikaika, a ku Lilongwe akwera basi, a ku Santhe ndi a ku Mtunthama abwerera kwawo, ife apafupi tipita kuminda poti mvula yayandikira. Mapoto obwereka abwezedwa, phulusa la moto uwu lisesedwa. Masiku amenewo ndiwo tikuwapempherera kwambiri. Mukakhale naye madzulo amene adzaiwale n'kuomola nsima ya anthu awiri. Mukakhale naye akadzamva belu la njinga kumsewu n'kudzidzimuka poyesa kuti ndi bambo akubwera, akadzaona jekete lili pamsomali kuseri kwa chitseko, akadzadzuka pakati pa usiku wopanda womuuza maloto ake. Pa nthawi imene palibe mmodzi wa ife angamuone, Inu wosaodzera ndi wosagona, mumusunge.

Tikupempheranso za mawa lake la pakhomo, pakuti Inu simunyozera zinthu zazing'ono. Nazale ya fodya ili kudambo ikufuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mizere ya chimanga yatsala theka. Chigafa chimene malemu anayamba kuzika mafoloko chikadali chopanda udzu. Mwana wawo Tiyamike akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa, ndipo wamng'ono uja sanamvetsebe kuti atate ake sadzabweranso. Inu amene munasunga mkazi wamasiye wa ku Zarefati m'masiku a Eliya, ufa osatha mumbiya, mafuta osaphwa m'nsupa mpaka mvula inagwa, musalole kuti nkhokwe ya pakhomo pano iume. Ndipo mutikumbutse kuti kawirikawiri mumachita zimenezi kudzera m'manja a anthu. Mutume ife. Anyamata a mumpingo atenge makeni apite kudambo. Abambo amalize chigafa. Amayi asaleke kuponda pakhomo pano mwezi ukatha, ngakhale kungobwera kudzakhala naye pakhonde, kusenda naye mtedza osanena zambiri. Mawu anu pa Yakobo 1:27 akutiuza kuti chipembedzo choona ndicho kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Tisakhale oimba bwino usiku umodzi wokha.

Pali nkhani ina, Atate, imene timaopa kuitchula pamaliro, koma kwa Inu palibe chobisika. Mayi NaBanda anabwera pamudzi pano pachitengwa ali mtsikana, ndipo wakulira pano. Nyumba ya malata iyi anaumba nawo njerwa, ngolo ndi ng'ombe ziwirizo zinachokera m'thukuta la onse awiri. Pamene akuluakulu a mbali zonse adzakhale pansi kukambirana, tsiku lometa ndi masiku otsatira, mukhale pakati pawo. Mutseke khomo la umbombo. Dziko lathu linachita kukhazikitsa lamulo m'chaka cha 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye, koma Inu munanena kalekale pa Eksodo 22 kuti mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye asazunzidwe, ndipo akalirira kwa Inu mudzamva ndithu. Tikukuthokozani chifukwa cha abale a malemu amene aonetsa chikondi m'matenda monse. Muwalimbitse kuti chikondi chimenecho chisathere kumanda. Mupatse nzeru a mfumu athu, eni mbumba ndi ankhoswe, kuti aweruze moona ana. Mutsekenso pakamwa pa manong'onong'o ofuna kuloza chala munthu pa imfa iyi, pakuti bala la mayiyu ndi lokwana kale.

Tisaiwale agogo, mayi ake a malemu, amene ankayembekeza kuti mwana wawo ndiye adzawaike. Muwagwire dzanja. Pamtanda paja, Ambuye Yesu, muli m'zowawa, munapereka amayi anu kwa wophunzira amene munkamukonda kuti awasunge kwawo. Perekaninso amayi awiriwa, mpongozi ndi mpongozi wake, kwa wina ndi mnzake, asatayane.

Inu amene Salimo 68 likukutchulani Atate wa ana amasiye ndi mtetezi wa akazi amasiye, mpatseni mlongo wathu tulo, ngakhale ta ola limodzi, thupi lisafooke. Mpatseni mtima wolandira chakudya amayi akamubweretsera. Ndipo pang'onopang'ono, pa nthawi yanu, osati yathu, mumubwezere kuseka, ndi mphamvu zovalanso yunifolomu yake n'kukhala pamalo pake pakati pa anzake. Mukhazike mwa iye chiyembekezo chakuti amene afa mwa Khristu adzauka, ndipo tsiku likubwera limene mudzapukuta misozi yonse, imfa sidzakhalaponso.

Sungani amene akadali m'njira usiku uno kubwera kumaliro kuno. Limbitsani adzukulu pa ntchito yawo, abusa amene atitsogolere mawa, ndi ife tonse ochezera mpaka kuche. Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, amene anafa nauka, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu.

Ameni.