Chifukwa chake timadula malo a pansi pa mzere wokhota m'timarekitango

Kwa ophunzira anga a masamu, chaka choyamba. Muwerenge musanabwere m'kalasi Lachinayi.

Dzulo mnzanu wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, mzerewu ndi wokhota, nanga marekitangowa akubweramo bwanji?" Ndinayankha mothamanga, ndipo sindinakhutire nalo yankho langalo.

Tsikirani ku madimba a m'mbali mwa Likangala. Dimba lina mbali ya kunjira n'lowongoka, koma ya kumtsinje likukhota motsata madzi. Simungachulukitse mulitali ndi mulifupi, pakuti mulitali akusintha mukangosuntha phazi. Koma taonani mitumbira imene mwini dimba waunga kulowera kumtsinje: uliwonse ndi wautali, wochepa m'mbali, ngati rekitango ndithu. Rekitango ndiye timadziwa kuyeza kwake. Muyeze mtumbira uliwonse, muphatikize, mwayandikira kukula kwa dimba lonse. Chosokoneza ndi timalo ta kunsonga, kumene madzi adula mtumbira mopendekera.

Tsono tengani y = x², kuyambira x = 0 kufika x = 1. Malo a pansi pa mzerewu muwadule zigawo 4 zofanana mulifupi. Rekitango iliyonse ikatenga msinkhu wa kumanzere kwake, imapelewera pansi pa mzere, ndipo zonse pamodzi zimakwana 14/64, pafupifupi 0.219. Ikatenga wa kumanja imapitirira, n'kukwana 30/64, pafupifupi 0.469. Kukula kwenikweni kuli pakati pa ziwirizi, sikungathawire kwina.

Zigawo 10 zimapereka 0.285 ndi 0.385. Zigawo 100 zimapereka 0.32835 ndi 0.33835. Apa ndipo ndikufuna muime, muyang'ane mpata wa pakati: unali 1/4, wakhala 1/10, kenako 1/100. Pa zigawo n mpatawo ndi 1/n. Wina atati akufuna mpata wochepera 0.000001, mungodula zigawo zopitirira 1,000,000, basi. Palibe mpata umene simungauchepetse.

Ndi nambala iti imene imakhalabe pakati nthawi zonse, kaya mudule kangati? Zophatikiza za kumanja ndi (n+1)(2n+1)/(6n²), zomwe ndi 1/3 + 1/(2n) + 1/(6n²). Pamene n akukula, tizidutswa tiwiri tomalizato timafota, ndipo 1/3 sasuntha. Za kumanzere zimakwera kulondola 1/3 yemweyo. Imeneyo ndiyo limiti. Ambiri mumaganiza kuti limiti ndi kungoyerekeza. Ayi. Choyerekeza ndi 0.385, koma 1/3 ndi yankho lenileni, chifukwa nambala ina iliyonse idzatsala kunja mpata ukachepa mokwanira.

Nzeru yopanikiza yankho chonchi ndi yakale. Archimedes wa ku Syracuse anayeza nayo malo a parabola, mzere wokhota ngati wa y = x² uja, zaka zoposa 2,000 zapitazo, iye podzaza matrayango. Bernhard Riemann ndiye anailongosola bwinobwino m'chaka cha 1854, n'chifukwa chake zophatikizazi zimatchedwa dzina lake.

Lachinayi mubwere mutayesa y = x³ pakati pa 0 ndi 1, ndi zigawo 4, kumanzere ndi kumanja komwe. Mujambule pa pepala la m'kope, ndipo timalo totsala kunsonga mutipake pensulo kuti tidzationere limodzi.