Makilo 10 pa masabata awiri? Tiyeni tikambirane kaye

Zikomo a mfumu, a tcheya a komiti ya zaumoyo, amayi, abambo ndi achinyamata nonse mwabwera masana ano. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, maiki yathu ikuvuta ndiye ndizingokweza mawu. Ine ambiri mumandidziwa, ndine nesi uja ndimakuyezani bipi ndi shuga Lachinayi lililonse.

Nkhani ndabwera nayo lero ndinaipempha ndekha ku komiti chifukwa yandisowetsa tulo. Nyengo ya maukwati yafika, ma bulaido shawa ali mbwee, ndiye mafoni athu adzaza ndi zotsatsa. Pa WhatsApp, pa Facebook, pa TikTok, paliponse akuti gulani tiyi uyu mutaye makilo 10 pa masabata awiri, mimba iphwe pa masiku 7, chithunzi china munthu ali wonenepa china ali pyapyala. Ndipo anthu akugula, ndalama yake yosachepanso ayi, ina yochita kukongola ku banki nkhonde.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina kuchipatala kwathu atachita kunyamulidwa, dzina sinditchula. Kunatsala masabata atatu kuti akwatiwe, delesi anasoketsa laling'ono dala kuti adzalowemo. Anasiya nsima, anasiya ndiwo, tsiku lonse madzi a mandimu ndi tiyi uja kawiri, mmawa ndi madzulo. Tsiku lomwe anagwa anali pa mzere wa madzi pa kiyosiki. Titamuyeza bipi inali yotsika kwambiri, milomo gwa, mtima ukuthamanga. Tinamuika dilipi. Atatsitsimuka chinthu choyamba kundifunsa chinali chakuti, anesi dilipiyi sindinenepa nayo? Mawu amenewo sanandichokebe mumtima mpaka lero.

Ndisanapite patali ndinene ichi, sindinabwere kudzanena kuti kunenepa kwambiri kulibe vuto. Kuli nalo. Bipi, shuga, mawondo kuphwanya, sitiroko, izi tikuziona tsiku ndi tsiku. Amene mukufuna kuchepetsa thupi mukufuna chinthu chabwino ndipo ine ndili mbali yanu. Chomwe ndikukana ndi liwiro.

Tiwerengere limodzi, samu yake ndi yophweka. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu pafupifupi makalori 7,700. Mayi wamkulu amagwiritsa ntchito makalori cha m'ma 2,000 pa tsiku. Ndiye tiyerekeze mayiyo sanadye kanthu kalikonse, ngakhale kachidutswa ka mbatata, masiku 14 athunthu. Awotcha makalori 28,000, omwe sakukwana ngakhale makilo 4 a mafuta. Kusadya konse kumeneko! Nanga amene akukulonjezani makilo 10 pa masabata awiri, enawo achoka pati?

Achoka m'madzi ndi m'minofu. Thupi lathu limasunga shuga pang'ono m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shuga ameneyu amasungidwa pamodzi ndi madzi ambiri. Mukasiya kudya, thupi limayamba ladya nkhokwe imeneyo, madzi aja nkutuluka ngati mkodzo. Nchifukwa chake sabata yoyamba sikelo imatsika msanga munthu nkumasangalala, koma mafuta ali pomwepo. Kenako thupi limayamba kugumula minofu kuti lipeze chakudya. Zili ngati munthu amene nkhuni zamuthera ndiye akuzula mitengo ya denga la nyumba yake nkumakolezera moto. Nsima ipsa lero, koma mvula ikubwera.

Minofu ndi imene imatinyamulira ndowa, imatikweza phiri, komanso ndi imene imawotcha chakudya chochuluka m'thupi. Ikachepa, thupi limayamba kuwotcha pang'ono, komanso thupi likaona njala limayamba kuumira mphamvu, silidziwa kuti kuli ukwati, limangoona ngati kwagwa chilala. Njala nayo imakula. Tsiku lomwe mudzatope ndi dayeti, ndipo mudzatopa ndithu chifukwa palibe angakhalire madzi a mandimu moyo wake wonse, makilo aja amabwerera, nthawi zambiri ndi ena apamwamba, ndipo obwerawo ambiri amakhala mafuta. Munthu uja amadziona ngati wolephera, nkukagulanso tiyi wina. Sikuti ndinu wofooka mtima ayi amayi, njirayo ndi imene ili yolakwika.

Tsopano tiyi ameneyu. Ambiri mwa matiyi ochepetsa thupiwa muli mankhwala otsegula m'mimba, kawirikawiri tsamba lotchedwa sena, ena muli zokodzetsa. Mukathamangira kuchimbudzi kasanu pa tsiku wogulitsa amati ndiye kuti zoipa zikuchoka. Si zoipa zimenezo, ndi madzi anu ndi mchere wa m'thupi. Mafuta satuluka ndi kutsegula m'mimba. Tonse pano tinaona kolera mu 2022 ndi 2023, tikudziwa zomwe kutha madzi m'thupi kumachita, nanga bwanji tikulipira ndalama kuti tidzitsegule m'mimba tokha? Mwa michere imatayika ija muli potaziyamu, amene amathandiza mtima kugunda mwa ndondomeko yake. Akatsika kwambiri mtima umatha kusokonekera ngakhale munthu ali wachinyamata. Impso nazo zimavulala madzi akachepa.

Palinso mapilisi ndi makofi ena olembedwa kuti ndi zachilengedwe zokhazokha. Kunali mankhwala ochepetsa thupi otchedwa sibutramini omwe anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku Amerika mu 2010 atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, koma mpaka pano amapezekabe atabisidwa m'zinthu zina zogulitsidwa ngati zitsamba, pa paketi osalembapo. Kuno kwathu bungwe loona za mankhwala ndi PMRA. Chinthu chomwe chabwera m'chikwama cha munthu, chopanda dzina la kampani, malangizo ake ongokutumizirani pa foni, musachiike m'kamwa. Malamba omanga pamimba ndi mapulasitiki ozikulunga aja nawo amangotulutsa thukuta, mukamwa madzi sikelo ibwerera pomwe inali.

China chomwe ambiri sadziwa ndi miyala ya m'ndulu. Munthu akamatsika msanga, makamaka kupitirira kilo imodzi ndi theka pa sabata, chiwindi chimathira mafuta ambiri m'ndulu, ndipo poti munthuyo sakudya, ndulu siikufinyika kuti ikhuthule. Zija zimaundana nkukhala timiyala. Ululu wake umagwira kumanja pansi pa nthiti, wina mpaka umafika ku phewa, ndipo ena amathera ku opaleshoni. Tsitsi nalo limathothoka, koma ilo limadikira miyezi iwiri kapena itatu, ndiye munthu amaloza mankhwala a ku saluni osadziwa kuti ndi njala ija. Atsikana ena amasiya kupita kumwezi, magazi amachepa, chizungulire, mutu, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa.

Pali ena pano amene ndikuwapempha mwapadera. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena mumabaya insulini, kusiya kudya mwadzidzidzi kungagwetse shuga mpaka kukomoka, chonde musasinthe kadyedwe musanalankhule nafe. Chimodzimodzi a mankhwala a bipi, a ma ARV, a vuto la impso. Amayi oyembekezera, ino si nthawi yochepetsa thupi. Oyamwitsa, ndikudziwa anthu amayankhula, ati mimba siinabwerere, koma thupi linatenga miyezi 9 kukula, lipatseni nthawi, mwana akufuna bere. Ndipo makolo, tisamale pakamwa ndi ana athu achitsikana. Mawu oti iwe chidumbo, uchepetse kudya, mwana wa zaka 14 amawasunga, ena amayamba kubisa chakudya kapena kudzisanzitsa akadya. Amenewo ndi matenda, amapha, ndipo mukaona zizindikiro zotere bwerani naye, osamukalipira. Abambo inunso, mawu anu kwa akazi anu amalemera kuposa zotsatsa za pa foni.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi iyi. Ngati thupi likutsika lokha inu osachita kanthu, malaya akukula, lamba mukuboola bowo lina, musati mwachita mwayi. Shuga amayamba choncho, pamodzi ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi. TB, HIV, khansa, vuto la chithokomiro, zonsezi zimaondetsa. Tinadutsa zaka zija munthu akaonda anthu ankanong'onezana, ndipo mantha amenewo anachedwetsa ambiri kupita kuchipatala. Lero mankhwala alipo, bwerani tiyeze.

Ndiye tichite bwanji? Mulingo womwe azaumoyo timalangiza ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata. Ndikuona ena mwakwinya nkhope kuti ndi pang'ono. Werengani, theka la kilo pa sabata kwa miyezi 6 ndi makilo oposa 12. Komanso simufunika kufika pa thupi la pa chithunzi kuti mupindule. Munthu wa makilo 90 akataya makilo 5 mpaka 9 okha, bipi ndi shuga zimayamba kale kusintha, mawondo amapepuka.

Nsima musaisiye, nsima si mdani. Ngati mumadya mitanda itatu yambani ndi iwiri, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa umakhalitsa m'mimba. Malo a mtanda wachotsedwawo ikanipo masamba, bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, theka la mbale likhale lobiriwira. Nyemba, nandolo, usipa, mazira, soya zisasowe chifukwa ndi zimene zimateteza minofu ija. Magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsa ku sikelo ya ana ndi a akulu omwe. Pomwe pamabisala makilo ambiri ndi m'kapu, masupuni anayi a shuga mu tiyi, zakumwa za m'botolo, thobwa lothira shuga wambiri, mowa. Kenako mafuta ophikira, ndiwo zochita kusambira, tchipisi cha pa chiwaya ndi mandasi tsiku lililonse. Sindikuti musadzalawenso, ndikuti zisakhale za tsiku ndi tsiku.

Jimu si yokakamiza. Bungwe la WHO limati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku 5, kuyenda ndawala mpaka kupuma kusinthe koma mukutha kuyankhula. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kabaza musiyeni pa mtunda waufupi, kulima ndi kuvina ku kwaya zonse zimawerengedwa. Sikelo kwerani kamodzi pa sabata basi, mmawa, chifukwa thupi limasintha ndi kilo imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha madzi okha.

Mtsikana ndinakuuzani uja ukwati unachitika, telala anangowonjezera nsalu m'mbali mwa delesi. Pano amabwera mwezi uliwonse, tikutsika naye pang'onopang'ono, ndipo tsitsi lake lamereranso.

Tikamaliza pano, kuseri kwa holoyi taika tebulo, pali sikelo, tepi yoyezera m'chiuno ndi makina a bipi, zonse ndi zaulere ndipo palibe amene adzatchule makilo anu mokweza. Amene muli ndi tiyi kapena mapilisi aja kunyumba, mubwere nawo Lachinayi ndi paketi yake tidzaonere limodzi, sitikukalipirani. Tsopano ndilandire mafunso. Mayi a chitenje chobiriwira kumbuyoko munakweza dzanja kalekale, yambani inu.