Mabelo Awiri a Shuga

Galimoto ya kuholoselo ya ku Limbe inafika pagolosale ya ku Ndirande Lachisanu chamadzulo, makasitomala ali thithithi pakauntala. Anyamata anatsitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira, n'kupereka invoisi. Amayi eni golosale anangosainira osawerenga katunduyo, chifukwa ankadziwana ndi dalaivala kuyambira kale.

Patatha masabata awiri, tsiku lolipira ngongole, m'pamene anaiyang'anitsitsa. Panalembedwa mabelo 8 a shuga, lililonse K56,000, pamodzi K448,000. Iwo ankakumbukira kuti anyamata aja anasanja mabelo 6 okha kuseri kwa chitseko.

Anakwera minibasi mpaka ku Limbe mtima uli m'mwamba.

"Mayi, siginechayi si yanu kodi?" anafunsa kalaliki.

"Ndi yanga, achimwene, koma mabelo anali 6."

"Chabwino, tiwerengere limodzi. Belo limakhala ndi mapaketi 20. Ngati munalandira 6, ndi mapaketi 120. Pashelefu atsala angati?"

"35."

"Ndiye kuti mwagulitsa 85. Koma ngati munalandira 8, mwagulitsa 125. Buku lanu likuti bwanji?"

Amayi anangoti kukamwa yasa. Buku analibe. Ndalama za shuga, sopo ndi buledi zinkalowa m'chitini chimodzi. Mapaketi ena anapita pangongole kwa aneba, ena kunyumba kukathira mu tiyi, ndipo palibe pamene zinalembedwa. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti paketi ankaigula K2,800 n'kuigulitsa K3,000. Kuti abweze K112,000 ya mabelo awiriwo ndi phindu la K200, ankafunika kugulitsa mapaketi 560, omwe ndi mabelo 28 athunthu.

Chimene chinawapulumutsa ndi zolemba za eni holoselo. Kalaliki uja anaitanitsa buku la mlonda wa pageti, momwe amalemba katundu aliyense wotuluka. Pa tsikulo munalembedwa mabelo 6. Atawerenga m'nyumba yosungiramo katundu, anapeza mabelo awiri opitirira pa zomwe kompyuta inkaonetsa. Wolemba invoisi anali atatenga nambala ya pa oda ya kasitomala wina. Sanafute kapena kukhwatcha invoisiyo, chifukwa inali italowa kale m'mabuku. Analemba chikalata china chochotsera K112,000, chotchula nambala ya invoisi yolakwikayo, ngongole ya shuga n'kutsika kufika pa K336,000.

Pobwerera, amayi anagula kope lachikuto cholimba. Tsamba lililonse analigawa mizere isanu: tsiku, zolowa, zogulitsidwa, zangongole kapena zopita kunyumba, ndi zotsala. Mainvoisi anayamba kuwabaya pawaya motsatira masiku.

Lachisanu lotsatira galimoto inabweranso. Dalaivala anatambasula pepala.

"Sainani msanga, mayi, tikuthamangira ku Chirimba."

"Dikirani kaye, bambo," anatero amayi, cholembera chili m'manja. "Pano palembedwa makatoni 5 a sopo. Ine ndikuona anayi. Katoni lachisanu lili kuti?"

Mnyamata anakwera m'galimoto, n'kulipeza litapanikizika pansi pa matumba a ufa.